Kupempha masiku kwa a lekichala: ulemu uli m'kutchula tsiku

Semesita ikafika pakati, kaya ndi ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu kapena ku Thyolo, maasayimenti amagwa pamodzi ngati alekichala anachita kupangana. M'makosi ambiri ntchito za mkati mwa semesitazi zimatenga malikisi 40 mwa 100, ndipo mayeso omaliza amatenga 60 otsalawo. Asayimenti imodzi ikaphonyeka, wophunzira amakalowa mayeso akutsimphina kale. N'chifukwa chake amene wadwala kapena waferedwa, tsiku lopereka likuyandikira, amatenga foni n'kulembera lekichala imelo yopempha masiku owonjezera. Kupempha si kuba. Vuto n'lakuti maimelo ambiri otere amadzaza mawu aulemu, koma chinthu choti lekichala ayankhe mulibe.

Tiyerekeze wophunzira wa chaka chachiwiri amene akuyenera kupereka nkhani ya mawu 2,000 Lachisanu pa 14 Malichi. Loweruka lapitalo thupi linayamba kuphwanya, Lolemba anapita ku kiliniki ya pasukulu, anamupeza ndi malungo n'kumupatsa LA womwa masiku atatu. Lachitatu m'mawa mutu wayamba kupepuka, ndipo waona kuti pofika Lachisanu samaliza. Maimelo a kuyunivesite kwathu kuno amalembedwa m'Chingerezi, koma pano tawaika m'Chichewa kuti tione bwino zimene zili m'kati mwake. Poyamba analemba chonchi, pamzere wa mutu ataikapo kuti "Chonde thandizeni":

"Moni bwana. Ndikhulupirira muli bwino mwa chisomo cha Mulungu. Ndine mmodzi mwa ophunzira anu. Ndikupempha modzichepetsa kuti mundiwonjezereko nthawi pa asayimenti ija chifukwa ndakumana ndi mavuto ena osapeweka. Chonde chonde ndimvereni chisoni, inu ndinu kholo langa. Ndipereka posachedwa. Ambuye akudalitseni."

Munthu uyu si wamwano. Walemba monga anamulerera: kwa wamkulu sungofikira pa nkhani, umayamba wapereka moni, n'kudzichepetsa, n'kuzungulirako pang'ono. Pakhonde pa amalume zimenezi zimayenda, chifukwa amalumewo akukuona nkhope ndipo akhoza kufunsa kuti, "Tanena bwinobwino, chavuta n'chiyani?" Koma taganizirani amene akuwerenga imeloyi. Ndi mayi amene ali ndi digiri ya udokotala wa maphunziro, akuphunzitsa makosi atatu, ndipo kalasi imodzi yokha ili ndi anthu oposa zana. Atsegula imeloyo pafoni akuchoka m'kalasi ina kupita ku msonkhano wa dipatimenti. Sakudziwa kuti walemba ndani, pakuti adiresi yake ndi dzina lachibwana limene mwiniwake anadzipatsa ali ku sekondale. Sakudziwa kosi, sakudziwa kuti "asayimenti ija" ndi iti mwa zisanu zimene akudikira, komanso "posachedwa" akhoza kukhala mawa kapena mwezi wamawa. Kuti avomere, ayenera kuyamba afunsa mafunso anayi, kudikira yankho, kenako n'kuganiza. Ambiri amangoti ndiyankha ndikakhala pansi, ndipo imeloyo imakwiririka.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ulemu wa pa imelo ndi kusamutangwanitsa munthu amene ukumupemphayo. Umamupatsa zonse zofunika kuti athe kuyankha ndi mzere umodzi wokha, wakuti "Chabwino, perekani tsiku limenelo." Nayi imelo yomweyo italembedwanso. Pamzere wa mutu pali nambala ya kosi, kenako mawu akuti "Asayimenti 2: pempho la masiku anayi owonjezera".

"Okondedwa Dr Uje, ndine wakutiwakuti, nambala yanga ya sukulu ndi yakuti, ndili chaka chachiwiri ndipo ndimaphunzira kosi yanu ya Lachiwiri m'mawa. Ndikupempha kuti Asayimenti 2, yoyenera kuperekedwa Lachisanu pa 14 Malichi, ndidzapereke Lachiwiri pa 18 Malichi isanakwane 12 koloko masana. Lolemba pa 10 Malichi anandipeza ndi malungo ku kiliniki ya pasukulu, ndipo kuyambira Loweruka mpaka dzulo sindinathe kugwira ntchito. Ndaphatikiza chithunzi cha tsamba la buku langa la kuchipatala. Ndalemba kale mawu pafupifupi 1,200 mwa 2,000. Kwatsala gawo lomaliza ndi mndandanda wa mabuku amene ndagwiritsa ntchito. Zimene ndalembazo ndaphatikizanso. Ngati tsikuli silingatheke, chonde ndiuzeni lomwe lingatheke, kapena ngati pali fomu yoti ndilembe ku dipatimenti. Zikomo chifukwa cha nthawi yanu."

M'munsi mwake muli dzina lonse, nambala ya sukulu ndi pulogalamu imene akuphunzira. Imeloyi ndi yaitali kuposa yoyamba ija, koma chiganizo chilichonse chikutseka funso limene lekichala akanafunsa.

Chofunika koposa zonse ndi tsiku latsopanolo. Ophunzira ambiri amaopa kulitchula, poganiza kuti kuuza mkulu tsiku n'kumulamula. Koma aliyense amene anakongozapo mnzake ndalama akudziwa kusiyana kwa "ndibweza ndikapeza" ndi "ndibweza pa 30 ndikalandira". Wachiwiriyu ndiye amakhulupirika. Lekichala naye ali ndi kalendala yake: ayenera kuchonga, kubweza mapepala, ndi kupereka malikisi ku dipatimenti pa nthawi yake. Akangobweza mapepala a ena ali ndi ndemanga, sangalandirenso pepala latsopano pa funso lomwelo, chifukwa wochedwayo akhoza kuona mayankho a anzake. Ndiye masiku anayi ndi osavuta kuvomera, pamene sabata zitatu zimafika kale pa nthawi yobweza mapepala. Onaninso kuti masiku amene wapemphawo akufanana ndi amene matenda anamudyera. Wadwala masiku anayi, wapempha anayi. Akanapempha khumi ndi anayi, lekichala akanadziwa kuti malungowo angopezerapo, ntchitoyo inali isanayambike n'komwe.

Kutumiza zimene walemba kale n'chinthu chimene ambiri sachiganizira, chonsecho chimalankhula kuposa kulumbira. Masamba atatu osamalizidwa amasonyeza kuti munthuyu anali pa ntchito matenda asanamugwire. Ngati palibe chomwe mwalemba, musanamize. Nenani kuti mwawerenga ndi kusonkhanitsa mfundo, ngati zilidi choncho, apo ayi musatchule n'komwe.

Pa chifukwa, chiganizo chimodzi kapena ziwiri n'zokwanira. "Mavuto osapeweka" n'kubisa kopitirira, koma kufotokoza mmene munasanzira usiku wonse n'kuulula kopitiriranso. Tchulani chimene chinachitika, liti, ndi masiku angati amene chinakutayitsani. Pa umboni, jambulani tsamba lokhalo limene pali deti ndi chidindo cha ulendo umenewu, osati buku lonse la kuchipatala, pakuti muli mbiri ya matenda anu ena imene lekichala alibe nayo ntchito. Nkhani ikakhala yoti simungaiike pa imelo, monga nkhanza zimene mwachitiridwa kapena kuvutika maganizo, ndi bwino kudzera ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, iwo n'kutsimikizira lekichala kuti chifukwa chilipo popanda kuchitchula. Maliro ndiye amavutirapo, chifukwa kumudzi munthu sabwerako ndi pepala. Apo nenani ubale wanu ndi malemuwo, kumene mwapita ndi tsiku lobwerera, ndipo funsani ngati pakufunika kalata ya amfumu kapena ya kumpingo. Zifukwa zina n'zofooka mwa izo zokha. Kuthima kwa magetsi ndi kutha kwa bando kumagwera kalasi yonse, ndipo anzanu ena apereka ndithu. Kunena kuti "ndinali ndi maasayimenti ena" kumamveka ngati kosi ya amene mukumulemberayo ndiyo munaiika kumapeto.

Moni wa pamwamba uja nawonso uli ndi zake. Kwathu timalemekeza munthu pomutchula ndi udindo wake, ndipo kuyunivesite udindowo ndi umene walembedwa pa chitseko cha ofesi kapena pa pepala la ndondomeko ya kosi. Ngati palembedwa Dr, lembani "Dear Dr" ndi dzina la bambo awo. Ngati ndi Prof, chimodzimodzi. Kulemba "Dear Sir" kwa mayi kumaonetsa kuti imeloyo mwangokopera kwinakwake, kapena simudziwa n'komwe amene amakuphunzitsani. Ngakhale "madamu" amene timawaitana m'kalasi sakwanira pa imelo ngati mayiwo ali ndi udokotala umene anauvutikira zaka. Mawu oti "ndinu kholo langa" asiyeni. Amasandutsa pempho kukhala nkhani ya chisoni, pamene lekichala ayenera kukhala ndi chifukwa chimene angachinene poyera wophunzira wina akadzafunsa kuti, "Nanga ine bwanji munandikana?" Deti la ku kiliniki angalitchule; chisoni sangachitchule.

Musanalembe n'komwe, tsegulani pepala la ndondomeko ya kosi lija limene munalandira sabata yoyamba. Nthawi zambiri limanena chilango cha kuchedwa, ndi amene ali ndi mphamvu yowonjezera masiku. M'madipatimenti ena lekichala amagamula yekha, m'mena nkhaniyo imafika kwa mkulu wa dipatimenti. Mukadziwa zimenezi mumalembera munthu woyenera. Gwiritsani ntchito adiresi ya imelo imene sukulu inakupatsani, chifukwa imaonetsa dzina lanu lenileni. WhatsApp isiyireni kalasirepu, pokhapokha ngati lekichala ananena yekha kuti mukhoza kumupeza kumeneko.

Nthawi yotumizira imasintha tanthauzo la imelo yonse. Yofika Lachitatu, kutatsala masiku awiri, ndi pempho, ndipo lekichala ali ndi mpata wovomera, wokana kapena wochepetsa masikuwo. Yofika Lachisanu usiku nthawi itadutsa ndi kupepesa chabe. Zimachitika ndithu kuti munthu anagonekedwa m'chipatala ndipo sakanatha kulemba. Apo yambani ndi kunena zimenezo ndi madeti ake.

Mukatumiza, musaike cholembera pansi. Kukhala chete kwa lekichala si kuvomera, ndipo tsiku lakale lija likadali pomwepo mpaka mutamva mawu ena. Lachinayi masana likafika opanda yankho, dinani `Reply` pa imelo yomwe ija n'kukumbutsa ndi mizere iwiri, kapena pitani ku ofesi yawo pa nthawi imene amaonana ndi ophunzira, buku la kuchipatala lili m'manja. Akavomera pakamwa, kalembeni imelo yaifupi yothokoza, yobwereza tsiku ndi ola limene mwagwirizana, kuti pakhale cholembedwa pamene malikisi adzalowetsedwa. Ngati kosiyo imalandira ntchito pa Moodle kapena Google Classroom, funsaninso ngati adzakutsegulirani malo operekera pa 18 Malichi, kapena mutumize pa imelo, chifukwa ena amatchera kuti malowo atsekeke okha nthawi ikakwana. Akakana, kapena Lachisanu likafika kuli zii, perekani mawu 1,200 amene muli nawo aja ndi ena amene mwawonjezera, ndipo nkhani ya malungo mukaipitirize kwa mkulu wa dipatimenti pepala lili kale m'manja mwa lekichala.