Sitetimenti ya pamwezi: asiyeni makompyuta awonkhetse

M'mashopu opikulitsa katundu pangongole, mkangano wa kumapeto a mwezi kawirikawiri sukhala pa invoisi yadzulo. Umakhala pa nambala yoyambirira ya pa sitetimenti, ngongole yotsalira mwezi watha. Kalaliki akamaikopera pamanja, kuphonya kwa mu Malichi kumayenda nanu mpaka Disembala.

Choncho nambala imeneyi isamalembedwe ndi munthu. Mu Excel kapena Google Sheets, tsegulani tsamba limodzi lolembapo chilichonse chochitika, mzere umodzi nkhani imodzi. Danga A likhale tsiku, B nambala ya kasitomala, C nambala ya invoisi kapena lisiti, D ndalama. Katundu wotengedwa pangongole amalembedwa momwemo, koma ndalama zobweza zimalembedwa ndi mainasi kutsogolo.

Tinene kuti mwini golosale wina mwamupatsa nambala G014. Mayina musawadalire, chifukwa lero wina alemba Mai, mawa Mayi, kompyuta nkuona anthu awiri. Ngongole yomwe akulowa nayo mu Juni imapezeka motere:

```
=SUMIFS(D:D,B:B,"G014",A:A,"<"&DATE(2024,6,1))
```

Apa mwaiuza kuti iwonkhetse zonse za G014 kuchokera tsiku lomwe anayamba kugula kufikira pa 31 Meyi. Tiyerekeze yapeza K180,000. Pa 4 Juni anatenga shuga ndi sopo wa K250,000, pa 12 anabweza K300,000, pa 21 anatenganso mafuta ophikira a K95,000. Mizere itatuyi `FILTER` ndiye amaikokera pa tsamba la sitetimenti (Excel yakale, monga ya 2016, ilibe `FILTER`), ndipo pansi pamatuluka K225,000. Mwezi wamawa mungosintha masiku, kasitomala wina mungosintha nambala, kenako PDF ipite pa WhatsApp.

Komatu kompyuta imawonkhetsa zokhazo zomwe yazimva. Tsiku likalowa ngati mawu wamba, osati ngati deti, `SUMIFS` imaudumpha mzerewo mwakachetechete. K300,000 ija ikadumphidwa, sitetimenti imanena K525,000, ndiye muone mayi atulukira ndi lisiti m'manja, chitenje atamanga m'chiuno. Chizindikiro chake nchapafupi: ngati simunasinthe kalikonse, deti yeniyeni imatsamira kumanja kwa kabokosi, yolowa ngati mawu imatsamira kumanzere.

Vuto lina ndi ndalama zobwera pa Mpamba kapena Airtel Money kuchokera pa foni ya mlamu wake wa kasitomala, popanda chosonyeza mwini. Musaziponyere munthu mongoganizira. Zipatseni nambala yakeyake yodikirira, muimbe foni, mwini akadziwika muzisamutse.

Musanatumize kalikonse, phatikizani zotsala za masitetimenti onse pamodzi ndi zodikirira zija, muyerekeze ndi chiwonkhetso cha danga D lonse kufikira pa 30 Juni. Zikasiyana, pali mzere womwe wasowa mwini kapena deti yake njolakwika, ndipo kusiyanako nthawi zambiri ndiye ndalama ya pa mzerewo. Ifufuzeni ndi `Ctrl+F`.