Filimu ija ya mtembo wodumphadumpha inali chiyani?

Anthu ambiri amene anakula akuonera mafilimu m'nyumba za vidiyo za m'misika sankasamala za dzina la filimu. Ankalipira pakhomo, n'kukhala pabenchi filimu itayamba kale. Lero munthu akaikumbuka amangoti "ija ya mkulu wamfupi wa m'chipululu", dzina osalidziwa. Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa anawonjezera vutoli, chifukwa omasulira nthawi zina amapatsa filimu ndi anthu ake mayina atsopano, amene pa intaneti sapezeka.

Tiyerekeze munthu amene akukumbuka zinthu ziwiri zokha. Choyamba, mlenje wa mtundu wa Asani wovala kachikopa, yemwe uja anatola botolo la Coca-Cola logwa m'ndege. Chachiwiri, mtembo wovala mkanjo wa ku China, ukudumphadumpha manja atatambasukira kutsogolo, kapepala kachikasu kali pamphumi.

Anzake onse amuuza kuti imeneyo ndi The Gods Must Be Crazy, filimu ya Jamie Uys ya mu 1980. Koma akaionera mpaka kumapeto, mtembo mulibe. Yachiwiri yake, ya mu 1989, ndi ya ana awiri amene anatengedwa ndi galimoto ya opha njovu, ndipo namonso mtembo mulibe. Apa ambiri amagwa ulesi, n'kumaganiza kuti mutu wawo unasakaniza mafilimu awiri. Zimachitikadi kuti mutu usakanize, koma asanadzikayikire, munthu ayambe wafufuza ndi chinthu chimene n'chachilendo kwambiri pa zomwe akukumbuka.

Kulemba kuti "filimu yoseketsa ya ku Africa" sikuthandiza, poti zoterozo zilipo zambirimbiri. Mtembo wodumpha pakati pa Asani ndiye sungapezeke m'mafilimu ambiri. Nkhani za mafilimu pa intaneti n'zochuluka m'Chingerezi, choncho mawu ochepa a chilankhulocho, ngakhale osapanga chiganizo, amakwanira pa Google:

```
bushman chinese hopping vampire movie
```

Njira ina, yodalirika koposa, ndi kutsata nkhope. Pa IMDb, pomwe pamasungidwa mbiri ya mafilimu, munthu amatsegula filimu imene akuidziwa, n'kuona mayina a ochita sewero. Mlenje uja ndi N!xau wa ku Namibia, amene anamwalira mu 2003. Akadina dzina lakelo, pamabwera mndandanda wa mafilimu ake onse, ndipo ndi waufupi. Mmenemo muli Crazy Safari ya mu 1991, yopangidwa ndi a ku Hong Kong, momwe N!xau anasewera ndi Lam Ching-ying, katswiri wa mafilimu a mitembo yodumpha. Nkhani yake ndi ya mnyamata amene akutenga mtembo wa kholo lake ku England kupita nawo kwawo, ndege n'kuvuta m'njira, mtembowo n'kukagwera m'mudzi wa Asani. Ndi yomweyo ndithu.

Komabe asafulumire kukondwa. N!xau anaseweranso m'mafilimu ena a ku Hong Kong, monga Crazy Hong Kong ya mu 1993, ndipo ogulitsa ankawalemba ngati zigawo zotsatira za filimu ya Uys ija. Chotsimikizira n'kuonera kadukadu ka filimuyo pa YouTube ndi kufunamo chinthu chachitatu chimene sanachilembe pofufuza, monga kabelu komwe amaliza kuti mtembo uyende. Chikapezeka, nkhani yatha.

Nanga ngati chatsala m'mutu ndi nyimbo yokha? Shazam imafuna kumva nyimbo yeniyeniyo ikulira, ndiye singathandize munthu amene akungoiimba chamumtima. Kuyambira mu 2020, pulogalamu ya Google ya pafoni imalola kung'ung'udza: munthu amadina chizindikiro cha maikolofoni, n'kusankha Search a song, kenako n'kung'ung'udza kwa masekondi 10 mpaka 15. Njirayi imayenda bwino ndi nyimbo zotchuka zimene zinatulutsidwa pazokha, monga za mu Sarafina! ya mu 1992 kapena za filimu yachimwenye Disco Dancer ya mu 1982. Zing'wenyeng'wenye zapansipansi zomveka anthu akamathamangitsana kawirikawiri siizidziwa.

Mafilimu a ku Nigeria ali ndi vuto lawolawo. Ambiri a zaka za m'ma 2000 sanalembedwe mokwanira pa IMDb, ndipo pa YouTube anthu amawaika ndi mitu ina. Kumenekonso nkhope ndiyo imapulumutsa. Wokumbuka "tiana tiwiri tovuta tija" amayambira pa mayina a Chinedu Ikedieze ndi Osita Iheme, amene anatchuka ndi Aki na Ukwa. Awiriwa anasewera limodzi m'mafilimu ochuluka zedi, choncho pamayinawo pamafunika kuwonjezera chochitika chimodzi chapadera, kapena dzina la amene anali bambo wawo m'filimumo. Mu Aki na Ukwa bamboyo anali Amaechi Muonagor, ndipo dzina lachitatu lotere limachotsa mafilimu ambiri pamndandanda.