Mzere wa pamonita ukasokonekera: zomwe namwino amaona ndi zomwe amayamba kuchita

Amene anadwazikapo mʼbale wake mʼchipinda cha odwala mwakayakaya, kaya ku Queens ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, amakadziwa kamakina kokhala kumutu kwa bedi, kamene kamajambula mzere wokwera ndi kutsika usiku wonse. Kakangolira, odwazika amadzidzimuka nʼkudzuka. Namwino wodziwa ntchito amayamba wayangʼana nkhope ya wodwalayo, kenako nʼkutembenukira ku monita.

Mzerewo ndi chithunzi cha magetsi a mumtima. Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri zamʼmwamba ndi ziwiri zamʼmunsi. Kugunda kulikonse kumayamba ndi kamoto kochokera mʼchipinda chamʼmwamba chakumanja. Zipinda zamʼmwamba zikamafinya magazi, pamzere pamaoneka kachitunda kakangʼono kotchedwa P. Kenako pamabwera kansonga kakatali, QRS, pamene zipinda zamʼmunsi zikupopera magazi kumapapo ndi thupi lonse. Chotsiriza ndi chitunda cha T, mtima ukamakonzekera kugundanso. Zilembozi anazipereka ndi Willem Einthoven wa ku Netherlands, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1924 chifukwa cha ntchito imeneyi.

Namwino akasindikiza kapepala ka mzerewo amapeza timabokosi. Pepala limayenda mamilimita 25 pa sekondi, choncho mabokosi aakulu 30 ndi masekondi 6. Amawerenga nsonga za QRS mʼmabokosi 30 amenewo nʼkuchulukitsa ndi 10. Zikakhala 7, mtima ukugunda pafupifupi ka 70 pa mphindi, zomwe zili bwino, popeza wamkulu amene akupumula amayenera kukhala pakati pa 60 ndi 100. Akatero amafunsa mafunso awiri: kodi mipata ya pakati pa nsongazo ndi yofanana, ndipo kodi nsonga iliyonse ili ndi P patsogolo pake?

Taganizirani za mayi wa zaka 34 amene wagonekedwa chifukwa chobanika ndi kutupa miyendo. Ali mwana ankadwala zilonda zapakhosi zimene sizinachiritsidwe bwino, ndipo matenda otsatira zilondazo anamuwonongera kachitseko ka pakati pa zipinda zakumanzere za mtima. Vuto limeneli nʼlofala mʼmaiko athu ano, nʼchifukwa chake kuno kusokonekera kwa mtima kumagwiranso achinyamata, pamene ku Ulaya amakuona kwambiri mwa okalamba. Pakati pausiku mayiyu akuti mtima ukuthamanga, ndipo monita ikulira.

Namwino akuwerenga nsonga 14 mʼmabokosi 30, ndiye kuti ka 140 pa mphindi. Akutenga kapepala kena, akulemba timizere mʼmphepete mwake molingana ndi nsonga zitatu zotsatizana, nʼkukasunthira patsogolo. Timizereto sitikugwirizananso ndi nsonga zotsatira. Mpata wina ndi waufupi, wina wautali, popanda dongosolo lililonse, ngati madontho a mvula yongoyamba kumene padenga la malata. Akafunafuna P sakumupeza. Pamalo pake pali kamzere konjenjemera. QRS ndi yopyapyala, yosapitirira timabokosi tatingʼono titatu. Izi ndi zomwe achipatala amangozitchula kuti AF, monga momwe makina amalembera.

Chachitika nʼchakuti zipinda zamʼmwamba zasiya kufinya ndipo zikungonthunthumira, timoto tikumatuluka koposa ka 350 pa mphindi. Pakati pa mtima pali kamfundo kamene kamaletsa timoto tambiri kudutsa, koma timene tadutsa timafika mosapanganika. Kugunda kwina kumabwera mtima usanadzaze, moti magazi ake safika nʼkudzanja komwe. Nʼchifukwa chake namwino akamvetsera pachifuwa kwa mphindi yathunthu atha kupeza 140, koma pamkono nʼkumva 110 yokha. Kuwerenga kwa masekondi 15 nʼkuchulukitsa, monga ambiri anazolowera, kumanamiza pa AF.

Dzina la vutolo lapezeka, koma chimene chimalamula liwiro la zonse ndi mmene mayiyo alili. Namwino akumuyankhulitsa: “Mayi, mukumva kuwawa pachifuwa? Chizungulire chilipo?” Akumukhazika tsonga, akugwira manja ngati azizira kapena akutuluka thukuta, akuyeza bipi, kutentha kwa thupi ndi mpweya wa mʼmagazi. Bipi ili pa 118/76, mayi akuyankha bwinobwino, koma SpO2 ikuonetsa 91, choncho akumuika pa okosijeni. Akuonetsetsa kuti singano ya diripi ili mumtsempha ndipo ikugwira ntchito, akujambula ECG yathunthu ngati makina ake alipo, nʼkuitana dokotala. Pomuuza sangoti “mtima wasokonekera”. Amatchula manambala onse ndi nthawi imene zayambira.

Zikanakhala kuti nambala yapamwamba ya bipi yatsika kupitirira 90, kapena mayiyo akukomoka, akusokonezeka mutu, akumva ululu pachifuwa, kapena madzi adzaza mʼmapapo, sipakanakhala kudikira. Namwino akanafuula kuitana thandizo, osachoka pabedi, wina nʼkukankha tebulo la zipangizo zangozi, chifukwa wodwala wotere angafunike kumenyedwa ndi magetsi kuti mtima ubwerere mʼmalo.

Kwa amene ali bwino ngati mayiyu, madokotala sathamangira kubweza mtima mʼchimake, ndipo chifukwa chake nʼchoopsa. Magazi akamazengereza mʼchipinda chimene sichikufinya amaundana. AF ikadutsa maola 48, kapena ngati palibe akudziwa tsiku limene inayamba, kubweza mtima mwadzidzidzi kungathothole chibuluma cha magazi nʼkuchitumiza kuubongo. Ngakhale popanda zimenezo, AF imachulukitsa pafupifupi kasanu chiopsezo cha sitiroko. Ndiye funso loti “Mwayamba liti kumva chonchi?” si lofunsa mwamwambo chabe. Kawirikawiri dokotala amalemba mankhwala ochepetsa liwiro, monga digokisini kapena atenololo, ndipo kwa wa kachitseko kowonongeka amawonjezera wafarini woletsa magazi kuundana. Namwino amafufuzanso chimene chautsa vutolo: malungo, matenda olowa mʼmagazi, chithokomiro, mowa, kapena kuchepa kwa potaziyamu mwa amene akumwa mankhwala okodzetsa. Asanapereke digokisini amamvetsera mtima, ndipo ukakhala pansi pa 60 amayamba waimitsa nʼkufunsa dokotala.

Si mtima uliwonse wothamanga umene uli ndi AF. Ukamagunda ka 120 koma mipata ili yofanana, P ali pamalo pake, mtimawo ukungoyankha vuto lina: kutentha thupi, ululu, kusowa madzi kapena kutaya magazi. Mayi wongobereka kumene amene mtima wake ukukwera chonchi ayenera kuonedwa ngati sakutaya magazi. Kumupatsa mankhwala ochepetsa liwiro kungamuike pangozi.

Monita nayo imanama. Wodwala malungo akamanjenjemera, kapena kachigamba ka pachifuwa kakamatuka ndi thukuta, mzere umaoneka woopsa pomwe mwini wake akucheza ndi womudwazika. Koma mzere ukasanduka mafunde opanda QRS, ndipo munthuyo sakuyankha, sakupuma bwino, pakhosi sipakumveka kugunda, imeneyo ndi VF, mtima waleka kupopa. Namwino amaitana anzake nʼkuyamba pomwepo kudinikiza pakati pa chifuwa, kuzama masentimita 5 mpaka 6, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, kudinikiza ka 30 nʼkupereka mpweya kawiri, kufikira makina omenya ndi magetsi atafika nʼkumatidwa pachifuwa.