MPHIKA UMODZI, MBALE ZISANU: KUWERENGERA NDIWO NDI KUZIGAWA MOSAKONDERA

Pa nyumba zambiri m'makomboni ndiwo za banja lonse ziphikidwa mu mphika umodzi. Koma pamene pali wodwala matenda a shuga amene anauzidwa ku kiliniki kuti azidya mwa muyeso, kapena wina amene waonda ndi cifuwa cacikulu ndipo afunika kubwezera thupi, wophika ayenera kudziwa cimene cagwera m'mbale ya munthu aliyense. Kuyang'ana ndi maso cabe sikuthandiza, cifukwa mbale ziwiri zodzala mofanana zingasiyane kwambiri mkati mwace.

Zinthu zazikulu zimene ziwerengedwa m'cakudya ndi zitatu. Pali maproteni, amene amanga thupi. Pali sitaci ndi shuga, zimene acipatala azicha makabohaidireti, ndipo ndizo zikweza shuga m'magazi. Cacitatu ndi mafuta. Kuculuka kwa zimenezi m'magalamu 100 a cakudya ciriconse kunalembedwa m'mabuku a miyeso ya zakudya, monga a bungwe la boma loona za cakudya ndi kadyedwe limene linakhazikitsidwa mu 1967. Manambala ali pano ndi apakati-kati, pakuti nyama ndi nyemba sizifanana zonse.

Kuwerengera kucitika ndiwo zikalibe kupita pa mbaula. Madzi alibe maproteni, sitaci kapena mafuta, motero kaya wophika athira madzi ambiri, kaya msuzi uphwera, zimene zinalowa mu mphika zikali momwemo.

Citsanzo ndi ca banja la anthu asanu limene liphika nyama ya ng'ombe yosakaniza ndi nyemba za kabulangeti. Ku buchala agula nyama yolemera magalamu 750. Pamenepo mpamene ambiri aphonya, cifukwa awerengera ndi mafupa omwe. Mayi atacotsa mnofu apeza kuti mafupa ndi magalamu 250, ndipo nyama yeni-yeni ndi magalamu 500. Mafupa angalowe mu mphika kuti msuzi ukome, koma sawerengedwa. Nyama yosanona kwambiri iri ndi magalamu 20 a maproteni ndi 10 a mafuta pa magalamu 100 alionse, ndipo iribe sitaci. Conco nyama ya banja limeneli yabweretsa magalamu 100 a maproteni ndi 50 a mafuta. Ikakhala yonona zedi mafuta angaculuke kuwirikiza kawiri.

Nyemba zipimidwa zikali zouma, zisananyikidwe m'madzi. Pa magalamu 100 pali magalamu 22 a maproteni, 60 a makabohaidireti ndi galamu imodzi ya mafuta. Banja limeneli laphika magalamu 300, kutanthauza 66 a maproteni, 180 a makabohaidireti ndi 3 a mafuta. Nyemba zikapsya zimwa madzi ndi kulemera koposa kawiri, ndipo magalamu 100 a zophika akhala ndi maproteni okwana 9 cabe. Wopima nyemba zophika nagwiritsa nchito manambala a zouma adzinamiza kwambiri. Cizindikiro cakuti pena palakwika ndi pamene kambale ka nyemba kaoneka ngati kaposa nyama kutali.

Matimati atatu akulu ndi anyezi mmodzi aonjezera pang'ono, magalamu 20 a makabohaidireti ndi 4 a maproteni. Saladi ndiye aiwalika kawiri-kawiri, popeza athiridwa kucokera m'botolo mosapima. Supuni imodzi yaikulu ndi magalamu 14 a mafuta okha-okha, ndipo masupuni anai ndi magalamu 56. Apatu saladi waposa mafuta onse a m'nyama ija.

Kuphatikiza zonse, mu mphika muli magalamu 170 a maproteni, 200 a makabohaidireti ndi pafupi-fupi 110 a mafuta. Kugawa pasanu, mbale iriyonse iyenera kulandira 34 a maproteni, 40 a makabohaidireti ndi 22 a mafuta. Ofuna kudziwa mphamvu yace akumbukire kuti galamu imodzi ya maproteni kapena ya makabohaidireti ipatsa makalori 4, pamene ya mafuta ipatsa 9. Mphika wonse uli ndi makalori 2,470, ndipo mbale imodzi pafupi-fupi 490.

Zimenezi ndi za pa pepala. Pa cikuni kapena pa mbaula nkhani isintha, cifukwa ndiwo sizikhala zosakanizika mofanana. Mafuta ayandama pamwamba, nyemba zitsikira pansi, ndipo maproteni oposa theka ali m'nthuli za nyama. Woyamba kupakuliridwa atenga mafuta, wotsiriza apeza nyemba zouma. Ngati nyama inadulidwa nthuli 20, nthuli iriyonse iri ndi maproteni okwana magalamu 5. Mbale imene yalandira nyemba ndi msuzi popanda nyama iri ndi magalamu 14 cabe m'malo mwa 34. Mbale ya bambo ikalandira nthuli 8, ifika pa 54. Mwambo wosankhira mwini nyumba nthuli zazikulu ulanda wodwala uja cimene anagulira nyamayo, ngakhale kuti mbale zonse zioneka zodzala.

Mankhwala ace ndi kugawa kawiri. Podula nyama yaiwisi wophika ayese kuti nthuli zilingane, ndipo aziwerenge. Ndiwo zikapsya abvuule mafupa, abvuulenso nyama yonse ndi kuika nthuli zinai m'mbale iriyonse. Asadabwe kuona nyama itacepa. Magalamu 500 angatsike kufika ca m'ma 350 cifukwa madzi ndi mafuta ena atuluka, koma mafutawo ali mu msuzi ndipo maproteni ambiri akali m'nthuli.

Zotsala, ndiko kuti nyemba ndi msuzi, zigawidwa pa zokha. Amene ali ndi sikelo ayambe wapima mphika ulibe kanthu ndi kulemba kulemera kwace. Ngati mphika ndi magalamu 600 ndipo tsopano walemera 2,100, zotsalazo ndi magalamu 1,500, motero mbale iriyonse ilandira 300. Kumene kulibe sikelo kapu igwira nchito. Wophika atakase kufika pansi pa mphika asanatunge kapu iriyonse, athire kapu imodzi m'mbale zonse zisanu, abwerenso ulendo waciwiri, kufikira ndiwo zitatha. Kudzaza mbale imodzi mpaka pamwamba asanapite ku ina ndiko kubweretsa kusiyana kwa mafuta kuja.

Masamu aonongeka ngati cina cacoka mu mphika kugawa kusanayambe. Kambale kopita kwa aneba kapena kosungira mwana amene ali ku sukulu kawerengedwe ngati gawo kuyambira paciyambi. Wophika akayengula mafuta a pamwamba, supuni yaikulu iriyonse icotsedwe pa 110 paja.

Kugawa mosakondera sikutanthauza kuti mwana wa zaka zitatu adye monga munthu wamkulu. Pa nyumba ya akulu atatu ndi ana ang'ono anai, mwana aliyense angawerengedwe ngati theka, ndipo magawo akhala asanu monga kale. Mwana alandira nthuli ziwiri zonyenya-nyenya ndi magalamu 150 a nyemba, zimene ndi maproteni 17. Popeza mimba yace ndi yaing'ono, apatsidwe m'mbale yace-yace nyemba zeni-zeni, osati msuzi wa madzi wonyowetsera nsima.

Wodwala shuga adziwe kuti nsima siinalowe m'masamu amenewa. Magalamu 100 a unga wa cimanga ali ndi makabohaidireti okwana pafupi-fupi 75, pamene mbale yonse ya ndiwo iri ndi 40. Unga nawonso upimidwe wouma usanalowe mu mphika, mitanda ilingane, ndipo manambala onse awiri aphatikizidwe asanakawaonetse kwa anamwino pa tsiku lopimitsa shuga.