Kalata yopempha nkhope ya azakhali

Banja likakumana ku Lisungwi, kaya pa ukwati kaya pa nthawi ya misasa, pamakhala wina amene walephera kufika. Nthawi zambiri ndi amene ali ku Joni, kapena amene wagona m'chipatala. Masiku ano wojambula wa pasitudiyo angathe kudula munthu pa chithunzi china n'kumuika pakati pa abale ngati analipo. Ntchitoyo ndi ya ola limodzi pa kompyuta, koma ife timalangiza mabanja kuti ayambe alemba kalata.

Chifukwa chake tonse timachidziwa, ngakhale sitichitchula. Kwathu kuno nkhope yodulidwa, yoikidwa m'kabwalo kozungulira pamwamba pa chithunzi, timaiona pa nsalu ndi malaya a pamaliro kapena a pachiliza. Azakhali amene akudwala shuga, akangoona mwadzidzidzi nkhope yawo ili pangodya chonchi pa foni ya mdzukulu, sangaganize za chikondi. Aganiza kuti mwawaika kale m'manda. Enanso achikulire safuna chithunzi chawo chiziyenda m'manja mwa anthu osawadziwa, ndipo si ntchito yathu kuwaseka.

Tiyerekeze banja la anthu khumi ndi awiri lomwe linajambulitsa pansi pa mtengo wa mango madzulo, dzuwa likuwomba kuchokera kumanzere. Azakhali, mlongo wa bambo, ali ku Johannesburg. Kalata yake ingakhale yotere:

"Okondedwa Azakhali, tikhulupirira muli bwino. Kuno tonse tilipo. Tsiku lija tinakumana tinajambulitsa chithunzi cha banja, ndipo pambali pa mlongo wanu tinasiya malo. Tikupempha ngati mungalole kuti wojambula akuikenipo, mutaima ngati ena tonse, osati m'kabwalo pamwamba. Chithunzi choti agwiritse ntchito musankhe nokha. Tidzatsukitsa ziwiri zokha, chimodzi cha pabalaza kwa bambo, china chanu, ndipo sitidzachiika pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Chisanatsukidwe tidzakutumizirani muone, ndipo kumbuyo tidzalemba kuti inu munali kutali tsikulo. Mukaona kuti si bwino, tiuzeni momasuka. Chithunzi tidzachipachika momwe chilili, ndipo mukadzabwera tidzajambulitsa china. Ndife ana anu."

Mawu omalizawo ndiwo amapangitsa kalata kukhala pempho lenileni. Mukalemba kuti "talipira kale wojambula", mwawatsekera pakamwa, pakuti wamkulu sakana chinthu chimene ana atayirapo ndalama. Ngati azakhali sawerenga bwino, kalatayo iwerengedwe ndi munthu amene iwo amamukhulupirira, osati mwana yemwe akufuna chithunziyo. Ndipo kukhala chete sikuvomera ayi. Dikirani.

Akalola, pamatsala ntchito yosankha chithunzi, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Amatumiza cha pachiphaso, kapena chojambulidwa usiku m'nyumba ndi kuwala kwa foni. Nkhope yotere imakhala yoyera mbee, yopanda mthunzi, pamene abale onse ali ndi mthunzi patsaya lakumanja. Aliyense wolowa pabalaza amazindikira msanga kuti yamatidwa. Njira yabwino ndi kupempha wina wa komweko awajambule mwatsopano panja, madzulo, dzuwa lili mbali yomweyo, foni ili pa msinkhu wa maso awo, thupi lonse likuoneka mpaka kumapazi. Mapazi ndi ofunika: popanda iwo wojambula amakakamizika kubwereka thupi la munthu wina, chinthu chimene azakhali sanavomere.

Kukula kwa chithunzi nakonso kuli ndi masamu ake. Kuti chitsukike bwino pamafunika timadontho pafupifupi 300 pa inchi iliyonse. Pa chithunzi cha mainchesi 8 kwa 10 cha anthu khumi ndi awiri, nkhope iliyonse imatenga pafupifupi inchi imodzi, choncho ya azakhali ikhale ndi timadontho tosachepera 300 m'lifupi. Yodulidwa pa chithunzi cha gulu la kwaya, chimene chayenda m'mafoni atatu, sifika pamenepo. Mukaikuza pa foni muona maso ndi mano zikusungunuka kukhala timabokosi. WhatsApp imachepetsa zithunzi potumiza, ndiye uzani wotumizayo asankhe `Document` m'malo mwa `Gallery`.

Muuzeninso wojambula asawayeretse khungu kapena kuwachotsa makwinya ndi imvi. Ambiri amachita zimenezi mosafunsa, poganiza kuti akukometsa.

Zolemba za kumbuyo zikhale ndi tsiku, malo, mayina onse kuchokera kumanzere, ndi mzere wonena kuti azakhali anaikidwamo pambuyo pake, atavomera. Lembani ndi pensulo yofewa kapena pa kapepala komata, chifukwa bolopeni imadinda mpaka kutsogolo kwa chithunzi. Ntchito ikatha, pemphani wojambula afufute chithunzi cha azakhali mu kompyuta yake inu mukuona, ndipo asachipachike pakhoma la situdiyo ngati chitsanzo.