Masilaidi Akasanduka Lipoti

Mkulu woyang'anira ntchito yokumba zitsime akamaonetsa masilaidi pamsonkhano, pakamwa pake pamadzaza mipata. Silaidi imangoti "Zitsime: 6 mwa 10", iye n'kufotokoza zotsalazo. Koma wowerenga lipoti amakhala yekha, alibe womufunsa.

N'chifukwa chake wolemba waluso sangokopera masilaidi mu Word. Amayamba wawaika m'magulu, gulu lililonse n'kulipatsa mutu: Cholinga, Zomwe Zachitika, Zovuta, Ndalama. Masilaidi khumi ndi awiri akhoza kubala mitu inayi yokha.

Kenako kamzere kalikonse kamasanduka ndime yoyankha mafunso atatu: chachitika n'chiyani, chifukwa chiyani, nanga zikutanthauzanji? "6 mwa 10" uja amakhala: "Pofika kumapeto kwa mwezi, zitsime zisanu ndi chimodzi zinali zitatha. Zinayi zachedwa chifukwa mvula inadula msewu, galimoto ya makina okumbira osadutsa."

Mawu omaliza sabweretsa nkhani yatsopano. Amanena pomwe ntchito yafika, zotsala, amene azichite ndi tsiku lake. Wowerenga akafunsabe kuti zitsime zinayi zija zitha liti, ndiye kuti lipotilo likadali masilaidi.