Malo 25 okha, ndipo tsiku lotseka ndi lenileni

"Malo atsala ochepa, fulumirani!" Ogulitsa maphunziro a pa intaneti amakonda kulemba chonchi pansi pa chithunzi, koma anthu anawatulukira kale. Uthenga womwewo ukakhala mwezi wathunthu osasintha, amangoupitirira. Munthu amapisa m'thumba lero akaona nambala yeniyeni, tsiku lenileni ndi njira yolembetsera yosazunguza mutu.

Tiyerekeze kuti mayi wina akufuna kuphunzitsa ochita geni kusunga mabuku a ndalama kudzera pa Zoom. Akhoza kulemba motere:

"Malo 25 okha: phunzirani kudziwa phindu la geni yanu. Kulembetsa kutseka Lachisanu pa 14 Malichi, 6 koloko madzulo. Tizikumana Loweruka lililonse kwa masabata anayi. Mtengo ndi K20,000. Ndikutenga 25 chifukwa ntchito ya aliyense ndimachonga ndekha. Lembani dzina pa fomu, lipirani pa Airtel Money kapena Mpamba, kenako tumizani pa WhatsApp uthenga wotsimikiza kuti mwalipira. Malo ndi a amene walipira."

Nambala ndi tsiku zabwera koyambirira chifukwa Instagram imaonetsa zilembo pafupifupi 125, zotsalazo zimabisika mpaka munthu adine pa "more". Moni wautali amangodya malo amenewa.

Chiganizo cholemera kwambiri ndi chofotokoza chifukwa chake malo ali 25. Zoom, ngakhale yaulere, imalola anthu 100, ndiye wowerenga wochenjera amadzifunsa: pa intaneti mipando ingathe bwanji? Mayiyu wayankhiratu. Chothera si mipando, koma nthawi yake yochongera, ndipo wolipira akudziwa kuti ntchito yake idzaonedwa. Ngati mulibe chifukwa chotere, musaike malire onama. Lengezani tsiku loyambira basi.

Tsiku lotseka lilembedwe lonse, ndi ola lomwe. Mawu oti "sabata ino" amasocheretsa, poti uthenga umayendayenda m'magulu a WhatsApp n'kufika kwa wina patapita masiku ambiri. Ola likakwana, tsekanidi fomuyo kuti isalandirenso mayankho. Google Forms ili ndi potsekera pake. Ochedwa alembedwe pamndandanda wodikira gulu lotsatira. Zimawawa kubweza ndalama ili m'manja, koma mukawonjezera masiku mwakachetechete, amene anathamanga kukalipira amaona kuti anapusitsidwa, ndipo ulendo wina sadzathamanganso.

Samalaninso ndi linki ya fomu. Pa Facebook imatsegula munthu akaidina, koma m'mawu apansi pa chithunzi pa Instagram simatsegula. Kumeneko iikeni pa mbiri ya akaunti yanu, ndipo nenani kuti ili pamenepo.

Anthu akamafunsa kuti "ndi zingati?" kapena "ndilembetsa bwanji?", dziwani kuti uthengawo waperewera. Musanautumize, mupatseni mnzanu foni ayese kulembetsa inu osamuuza kanthu. Pamene wakakamirapo, konzani pomwepo.